Chala Chachikulu pa Gulupu ya Kuntchito: Kodi Mwavomera Kapena Mwangoona?

M'mwezi wa Malichi 2021, wogula mbewu wa kampani ya South West Terminal m'chigawo cha Saskatchewan ku Canada adajambula kalata ya mgwirizano wogula mbewu ya fulakisi, n'kutumiza chithunzicho pafoni kwa mlimi wina dzina lake Chris Achter. Pansi pake adalemba mawu opempha mlimiyo kuti atsimikize mgwirizanowo. Achter sadalembe liwu ngakhale limodzi, adangotumiza 👍. Mwezi wa Novembala utakwana, mbewu ija siidaperekedwe, ndipo mtengo wake pamsika udali utakwera. Ku khoti mlimiyo adati chala chake chimangotanthauza kuti uthenga wafika. Kampani idati ayi, kumeneko kudali kuvomera. Mu 2023 woweruza Timothy Keene adagwirizana ndi kampaniyo, poona kuti m'mbuyomu mlimi yemweyu ankavomera migwirizano ina ndi timawu tachidule ndipo mbewu ankapereka. Adamulamula kulipira madola a ku Canada oposa 82,000.

Woweruzayo sadanene kuti chala chachikulu chimatanthauza kuvomera kulikonse. Adayang'ana mmene anthu awiriwa adazolowerera kulankhulana. Apa ndi pamene pali vuto la munthu amene wangoyamba kumene ntchito. Tsiku loyamba lomwelo amamulowetsa pa gulupu ya WhatsApp ya ofesi, pomwe anzake akhala akulemberana kwa zaka zambiri ndipo imoji iliyonse ili kale ndi tanthauzo limene adazolowera. Iye sadziwa mbiri imeneyi, ndipo palibe amene amakumbukira kumufotokozera.

Mwachitsanzo, mtsikana wangolembedwa ntchito mu ofesi ya za ndalama ku Lilongwe. Lachinayi madzulo bwana wake akulemba pa gulupu kuti: "Lipoti la mafuta a galimoto likufunika mawa 10 koloko. Ndani angalitenge?" Mtsikanayo, pofuna kuonetsa kuti akutsatira nkhani, akuyika 👍 pa uthengawo. Anzake onse akuona chalacho n'kukhala chete, poganiza kuti ntchito yapeza mwini. Bwana nawonso akugona mtima uli m'malo. Kutacha, 10 koloko ikukwana lipoti palibe, ndipo mtsikanayo akudabwa kuti aliyense akuyang'ana iye.

Palibe amene adanama pamenepa. Uthenga wa bwana udali funso, ndipo chala choyikidwa pa funso chimawerengedwa ngati yankho. Chikadamupulumutsa ndi mzere umodzi wokha: "Ndauona uthenga bwana, koma lipotili sindidaphunzitsidwe kalembedwe kake," kapena ngati wavomeradi, "Ndilitenga ine, mulilandira isanakwane 10." Uthenga uliwonse wokhala ndi ntchito yoti ichitidwe, nthawi, ndalama kapena chilolezo umafuna yankho la mawu. Imoji ikhoza kubwera pambuyo pa mawuwo ngati chokometsera chabe. Ndiponso akuluakulu ena chala chopanda mawu chochokera kwa wamng'ono amachitenga ngati mwano, chimodzimodzi kuyankha moni wa agogo pogwedeza mutu. Sadzanena pa gulupu, koma adzasunga mumtima.

Ngozi yachiwiri ndi ya misozi, ndipo imapweteka kwambiri chifukwa imagwa pa mauthenga a maliro. Kuyambira mu 2022, munthu akadina uthenga wa pa WhatsApp n'kuugwira kwa kanthawi, pamwamba pake pamatuluka timaimoji 6: 👍 ❤️ 😂 😮 😢 🙏. Kankhope koseka mpaka misozi ndi kankhope kolira tayandikana, pakati pawo pali kamodzi kokha, ndipo tonse tili ndi misozi. Pafoni yaing'ono, munthu ali m'minibasi yogwedezeka, chala chimaterereka mosavuta. Enanso, makamaka amene maso ayamba kuvuta, amakhulupirira ndithu kuti 😂 ndi munthu amene akulira. Achinyamata nawo adasokoneza zinthu mbali inayo: kwa ambiri a iwo 😭 ndi 💀 zimatanthauza kuti afa ndi phwete. Choncho pa uthenga woti mnzawo wataya mayi ake, wantchito watsopano alembe mawu, "Pepani kwambiri achimwene, Mulungu akutonthozeni," ndipo akafuna kuwonjezera chizindikiro, 🙏 ndi chimene anthu ambiri kuno amachimva bwino.

Palinso chinthu chimene ambiri sachidziwa: imoji imene munthu watumiza si nthawi zonse imene mnzake amaiona. Bungwe la Unicode limangopereka nambala ndi dzina la imoji iliyonse, koma chithunzi chake kampani iliyonse imajambula yokha. Ofufuza a pa yunivesite ya Minnesota ku Amerika adaonetsa mu 2016 kuti 😁, monga idajambulidwira nthawi imeneyo, inkaoneka yosangalala pa mafoni ena pomwe pa mafoni a Apple anthu ambiri ankaiona ngati nkhope yokukuta mano. Pa WhatsApp kusiyanaku kudachepa, koma kumaonekerabe uthenga ukadutsa pa SMS kapena pa imelo. Foni yakale ikalandira imoji yatsopano imangoonetsa kabokosi kopanda kanthu. Chikhalidwe nachonso chimalowererapo: kwa achinyamata ambiri a ku China, 🙂 ndi kumwetulira konyoza, zomwe wogwira ntchito ndi anthu a kumeneko ayenera kudziwa.

Nanga mamimu, zithunzi zija zoseketsa zolembedwa timawu, ndi mastika? Apa malangizo ndi achidule. Sabata ziwiri kapena zitatu zoyamba, wobwera kumene azingowerenga. Aone amene amatumiza nthabwala, nthawi yake, ndiponso ngati bwana wamkulu ali pa gulupu yomweyo. Maofesi ambiri amakhala ndi magulupu awiri, ina ya ntchito ina ya macheza, ndipo kufunsa mnzake wa pa desiki yoyandikana kuti iyi ndi iti si chinthu chochititsa manyazi. Mimu yokhudza chipani, mtundu wa anthu, chipembedzo kapena thupi la munthu isafike pa gulupu iliyonse mwa ziwirizi. Stika yopangidwa ndi nkhope ya mnzake popanda chilolezo chake imaseketsa onse kupatula mwini nkhopeyo. Ndipo 🍆, 🍑 ndi 😘 zili ndi tanthauzo la kuchipinda limene kudziteteza koti "ndimanena za ndiwo" sikungafafanize. Ku Malawi lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, kuphatikizapo mawu ndi machitidwe osafunidwa, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu kudzera pa makina. Uthenga wa pa gulupu ndi umboni wosavuta kusunga.

Zikalakwika, zizindikiro zake zimaoneka msanga: gulupu imene imachangamuka yangoti zii, wina walemba "?" yekhayekha, kapena mnzake wamulembera kumbali kuti "mwaona zomwe mwayika?" Imoji yoyikidwa pa uthenga imachoka akaidina n'kusankha kuichotsa, ngakhale mwini uthengayo amakhala atalandira kale chidziwitso pafoni yake. Uthenga wathunthu umachotsedwa ndi Delete for everyone pasanathe masiku pafupifupi awiri, koma pamalopo pamatsala mawu osonyeza kuti pachotsedwa kanthu, ndipo amene adaujambula kale ali nawobe. N'chifukwa chake kufufuta kokha sikukwanira. Wolakwitsayo alembe pa gulupu pomwepo mwachidule kuti, "Pepani nonse, ndinadina molakwika, ndimafuna kupepesa maliro," kenako amuimbire foni mnzake wofedwayo kapena apite kukamuona maso ndi maso tsiku lomwelo.