Tsiku limene silinachepo: 29 Febuluwale 1900

Mukatsegula pulogalamu ya Excel n'kulemba nambala 60 m'kabokosi, kenako n'kuuza kompyuta kuti ionetse nambalayo ngati deti, mudzaona 29 Febuluwale 1900. Pa kalendala imene timagwiritsa ntchito, tsiku limeneli silinachepo. Pa kalendalayi, m'chaka cha 1900 mwezi wa Febuluwale unathera pa 28 ndipo mawa lake kunacha pa 1 Malichi. Eni ake pulogalamuyi, a kampani ya Microsoft, akudziwa bwino za cholakwikachi, ndipo anachisiya dala.

Nkhaniyi imayambira pa mmene mapulogalamu owerengetsera m'matebulo amasungira madeti. Iwo sasunga tsiku, mwezi ndi chaka paderapadera monga timalembera ife. Amangowerenga masiku motsatizana kuchokera poyambira pamodzi. Mu Excel, 1 Januwale 1900 ndi nambala 1, tsiku lotsatira ndi 2, mpaka kufika pa 1 Januwale 2000 imene ndi 36526. Deti imene timaona pagalasi ndi chovala chabe, pansi pake pali nambala. Nzeru imeneyi ndi yabwino kwambiri, chifukwa munthu wa maakaunti akafuna kudziwa kuti ngongole yakhala masiku angati, kompyuta imangochotsera nambala ina pa inzake. Koma kuti kuwerengako kulondole, pulogalamuyo iyenera kudziwa zaka zimene zili ndi masiku 366.

Ambiri tinaphunzira kusukulu kuti chaka chilichonse chogawika ndi 4 chimakhala ndi tsiku loonjezera mu Febuluwale. Lamulolo ndi loona, koma ndi losakwanira. Dziko limatenga masiku pafupifupi 365.2422 kuti nyengo zibwerere pamene zinayambira, pomwe kuonjezera tsiku zaka zinayi zilizonse kumapereka masiku 365.25. Kusiyanako ndi mphindi 11 zokha pachaka, koma mphindizo zikaunjikana zimakwana tsiku lathunthu pazaka pafupifupi 128. Pofika m'chaka cha 1582, kalendala yakale ya Julius Caesar inali itasemphana ndi nyengo moonekeratu, motero Papa Gregory XIII analamula kuti pambuyo pa 4 Okutobala pabwere 15 Okutobala. Anaikanso lamulo loti zaka zothera ndi maziro awiri zisamakhale ndi tsiku loonjezera, pokhapokha ngati zikugawika ndi 400. N'chifukwa chake 2000 inali ndi 29 Febuluwale, pomwe 1700, 1800 ndi 1900 zinalibe, ndipo 2100 sidzakhala nayo.

Cholakwikacho sichinayambire ku Microsoft. M'chaka cha 1983 kunatuluka pulogalamu ya Lotus 1-2-3, imene inatchuka kwambiri m'maofesi a ku Amereka pa makompyuta a IBM. Pulogalamuyi ndi imene inkawerenga masiku kuyambira 1 Januwale 1900, ndipo inkatenga 1900 ngati chaka cha masiku 366. Ena amene anagwirapo ntchito yokonza Excel amaganiza kuti a Lotus anachita izi pofuna kupeputsa ntchito. Makompyuta a nthawi imeneyo anali ndi malo ochepa kwambiri osungira zinthu, ndipo kuona ngati chaka chikugawika ndi 4 n'kosavuta kwa makina. Komanso kuyambira 1901 mpaka 2099 lamulo lachidulelo silimalakwitsa konse. Chaka chimodzi chokha chakumayambiriro ndi chimene chinalakwika, chaka chimene amalonda a m'ma 1980 analibe nacho ntchito.

Microsoft itatulutsa Excel ya Windows mu 1987, inkafuna kukopa anthu amene anali kale ndi mafayilo ambirimbiri a Lotus. Kuti mafayilowo atseguke madeti ake osasintha, nambala iliyonse inayenera kutanthauza tsiku lomwelo m'mapulogalamu onse awiri. Choncho anatengera kawerengedwe ka Lotus pamodzi ndi tsiku lake labodzalo. Lotus 1-2-3 inasiya kugulitsidwa kalekale, koma tsikulo lidakalipo, mpaka linalembedwa m'malamulo a mafayilo a `.xlsx` amene bungwe la ISO linavomereza mu 2008.

Wina angafunse kuti bwanji osangokonza. Tangoganizani zimene zingachitike tsiku la nambala 60 litachotsedwa. Nambala 61, imene lero ndi 1 Malichi 1900, ingasanduke 2 Malichi, ndipo madeti onse otsatira angasunthe ndi tsiku limodzi. Masiku obadwa a ogwira ntchito, masiku obwezera ngongole, masiku amene mankhwala athere mphamvu, zonse zimene zasungidwa m'mafayilo padziko lonse zingalakwike nthawi imodzi. Ine ndikuona kuti kusiya cholakwikacho kunali kwanzeru, ngakhale kumawawa kuona chinthu chabodza chikusungidwa mwadala. Chimene chalakwika panopa ndi miyezi iwiri yokha ya 1900, ndipo mukhoza kudzionera nokha:

```
=DATE(1900,3,1)-DATE(1900,2,28)
=WEEKDAY(1)
```

Mzere woyambawo umayankha 2, pomwe pakati pa masiku awiriwo panali tsiku limodzi lokha. Wachiwiriwo umayankha 1, kutanthauza Lamulungu, koma 1 Januwale 1900 linali Lolemba. Kuyambira pa 1 Malichi 1900 kupita m'tsogolo, masiku a sabata amalondola, ndipo kuchotserana madeti kumapereka yankho loona. Ngakhale chaka cha 2100 Excel imachiwerenga bwino.

Pamene vutoli limaluma masiku ano ndi posamutsa madeti kuchoka mu Excel kupita ku pulogalamu ina. Tiyerekeze kuti kalaliki watumiza fayilo, ndipo m'malo mwa deti mwatuluka 36526. Wolandirayo wamva kuti nambala 1 ndi 1 Januwale 1900, ndiye akuwerenga kuchokera pamenepo ndi kalendala yolondola. Zaka 100 za masiku 365 zikupereka 36500. Zaka za masiku 366, kuyambira 1904 mpaka 1996, zilipo 24, ndiye tafika pa 36524. Tikaonjezera tsiku loyambira lija, 1 Januwale 2000 ikugwera pa 36525. Motero iye adzawerenga 36526 ngati 2 Januwale 2000, ndipo madeti onse m'fayilomo adzakhala atapitirira ndi tsiku limodzi. Chizindikiro chake ndi chimenecho: deti iliyonse yasuntha mofanana, osati ina ndi ina. Ndipo popeza tsiku limodzi silidabwitsa munthu msanga, cholakwikacho chimatha kukhala nthawi yaitali osaoneka, kufikira wina atazindikira kuti malipiro a pa 31 akuoneka m'mwezi wotsatira.

Njira yopewera ndi imene anatsata a LibreOffice Calc ndi Google Sheets. Iwo anasuntha poyambira, n'kuika 30 Disembala 1899 kukhala nambala 0. Potero 1 Malichi 1900 imagwera pa 61 monga mu Excel, ndipo madeti onse otsatira amagwirizana popanda tsiku labodza. Amasiyana ndi Excel pa Januwale ndi Febuluwale 1900 pokha, pamene nambala 60 kwa iwo ndi 28 Febuluwale.

Madeti akasuntha ndi zaka zinayi ndi tsiku limodzi, vuto ndi lina koma la m'banja lomwelo. Excel yoyamba, ya makompyuta a Macintosh mu 1985, inkawerenga kuyambira 1 Januwale 1904, ndipo potero inazemba chaka cha 1900 chonse. Kawerengedwe kameneka kakupezekabe m'mafayilo ena, ndipo kamasiyana ndi kenako ndi masiku 1462. Mukakopera madeti pakati pa mafayilo awiri otere, yang'anani m'makonzedwe a fayilo ngati pali chochonga pa `Use 1904 date system` musanayambe kukonza deti iliyonse pamanja.