Kalata Yofunsira Ntchito Pamene Imvi Zamera

Munthu amene wakhala zaka zambiri osagwira ntchito yolembedwa akafuna kubwerera, cholembera chimamulemera pa mfundo ziwiri: zaka zake zobadwa, ndi zaka zimene wakhala pakhomo. Ena amazibisa, poganiza kuti wolemba ntchito sazindikira. Ena amadzaza tsamba lonse ndi kupepesa. Njira zonse ziwirizi zimagwetsa kalata. Wobisa amagwidwa ndi chaka chimene chili pa satifiketi yake ya MSCE, ndipo wopepesa amauza bwana kuti iye mwini akudzikayikira.

Kunyumba timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma ulemu umenewu sulembetsa munthu ntchito. Bwana akaona zaka 52 pa pepala, sikuti amaopa nambalayo. M'mutu mwake mumabwera mafunso enieni atatu. Kodi munthuyu akudziwa mmene ntchitoyi ikugwiridwira lero? Kodi adzamvera woyang'anira wa msinkhu wa mwana wake? Nanga akhala nafe nthawi yaitali bwanji? Kalata yabwino imayankha mafunso amenewa ndi umboni, bwanayo asanawafunse.

Tiyerekeze mayi wa zaka 52 amene anagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina kwa zaka 14. Anasiya mu 2012 kuti adwazike mayi ake ndi kulera ana. Tsopano waona kuti sukulu ina yoima payokha ikufuna kalaliki wa za ndalama. Makalata ambiri otere amalembedwa m'Chingerezi, koma kayalidwe ka mfundo n'kamodzimodzi, choncho tiika mawu ake m'Chichewa.

Ndime yoyamba isayambe ndi msinkhu kapena zovuta za pakhomo. Iyambe ndi ntchito imene akufunsira komanso chimene akubweretsa: "Ndikufunsira ntchito ya kalaliki wa za ndalama imene mwalengeza. Kwa zaka 14 ndinkakonza malipiro a antchito 40, kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka, ndiponso kufananitsa mabuku athu ndi sitetimenti ya ku banki mwezi uliwonse." Wowerenga akamaliza ndime imeneyi, akhala atakumana ndi katswiri. Zaka zikamadzatchulidwa pambuyo pake, zidzapeza malo a katswiriyo atakhazikika kale.

Kenako pabwere nkhani ya zaka zimene anali pakhomo, ndipo ziganizo ziwiri kapena zitatu n'zokwanira. "Mu 2012 ndinasiya ntchito kuti ndisamalire banja. Udindo umenewo ndaumaliza, ndipo ndine wokonzeka kugwira ntchito tsiku lonse." Palibe chifukwa chotchulira dzina la matenda kapena kufotokoza za maliro. Mawu ofunika kwambiri apa ndi akuti "ndaumaliza", chifukwa chimene bwana akufuna kudziwa n'chakuti mayiyu sadzapempha tchuthi sabata ndi sabata. Kusamalira banja si chinthu chochititsa manyazi, ndipo lamulo la ntchito la dziko lino la mu 2000 limaletsa kusala wantchito chifukwa cha udindo wa m'banja.

Zaka za pakhomozo kawirikawiri sizikhala zopanda kanthu. Mayi wathuyu wakhala msungichuma wa banki m'khonde ya anthu 25 kwa zaka 6. Kungolemba kuti anali wotanganidwa ndi za chitukuko sikuthandiza. Alembe zimene ankachita: kulemba masheya ndi ngongole za membala aliyense, kuwerengera chiwongoladzanja, ndi kukonza mabuku a tsiku logawana kumapeto a chaka popanda ndalama yosowa. Sukulu imene imalandira fizi kwa makolo ambirimbiri, ena olipira pang'onopang'ono, iona msanga kuti ntchito ziwirizi n'zapachibale.

Funso la luso lamakono ndi limene limafuna khama kalata isanalembedwe. Chichokereni mayiyu mu ofesi, zinthu zasintha. Makolo ambiri tsopano amalipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo ndalamazo ziyenera kufananitsidwa ndi malisiti. Misonkho ya antchito imatumizidwa ku MRA kudzera pa Msonkho Online. Lamulo la penshoni, limene linali latsopano pamene iye ankachoka, lakhazikika: wolemba ntchito amasonkha 10 pa 100 ya malipiro, wantchito 5 pa 100. Kulemba kuti "ndimaphunzira msanga" sikuyankha kanthu, pakuti aliyense amatero. Chimene chimagwira mtima n'chinthu chimene chachitika kale: "Chaka chino ndachita maphunziro a miyezi itatu a Excel ndi QuickBooks, ndipo mabuku a gulu lathu ndawasamutsira pa kompyuta." Ngati maphunzirowo sanachitike, asalembedwe. Maofesi ena amakhazika wofunsira ntchito pa kompyuta tsiku lomwelo la mafunso, ndipo bodza limaonekera pa mphindi zochepa. Ndi bwino kuyamba kaye kuphunzira, n'kulemba moona kuti maphunzirowo atha mwezi wakuti.

Tsopano msinkhu ungatchulidwe, kamodzi kokha, mopanda mantha. "Ndili ndi zaka 52. Ana anga akula, ndakhazikika m'dera lino, ndipo ndikufuna malo amene ndingagwirepo ntchito kwa zaka zambiri. Ndagwirapo ntchito pansi pa atsogoleri aang'ono kwa ine, kuphatikizapo wapampando wa gulu lathu, ndipo timamvana bwino." Ndime yaifupiyi yayankha mafunso awiri otsala aja. M'boma anthu amapuma ntchito pa zaka 60, ndipo ngakhale titatengera muyeso umenewo, mayiyu akadali ndi zaka 8 zoti atumikire. Imeneyi si nthawi yochepa kwa sukulu imene yatopa ndi kuphunzitsa makalaliki atsopano kawirikawiri.

Pali misampha iwiri imene okalamba pa ntchito amagweramo. Woyamba ndi kunyoza achinyamata, monga kulemba kuti ana a masiku ano sakhulupirika. Amene akuwerenga kalatayo mwina ali ndi zaka 30, ndipo aona kuti mawuwo akunena iye. Wachiwiri ndi kudandaula: "chonde mundimvere chisoni", kapena "ndilandira malipiro alionse". Mawu otere amatsitsa mtengo wa munthu zokambirana zisanayambe. Ngati ntchitoyo ndi yotsikirapo kuposa imene ankagwira kale, anene poyera kuti waona udindo wake ndipo ndi umene akuufuna, kuti bwana asaganize kuti adzanyansidwa nayo pakapita miyezi ingapo.

Mboni nazo zimafuna kuziunikanso. Bwana wa mu 2012 mwina anapuma, anasamuka, kapena nambala yake inasintha. Aimbireni foni musanalembe dzina lawo, ndipo onjezerani munthu amene waona ntchito yanu posachedwa, monga wapampando wa gulu kapena mphunzitsi wa maphunziro aja.

Kalata yonse ikwane pa tsamba limodzi. Musanaitumize, fufuzani mawu akuti "ngakhale". Chiganizo choyamba ndi "ngakhale ndine wamkulu" chimavomereza mlandu umene palibe wakuimbani, choncho chichotseni. Kenako ipatseni munthu amene sakudziwani bwino, aiwerenge kamodzi, mumufunse chimene wagwirapo. Akayankha kuti wolembayu wavutika kwambiri, kalatayo ilembedwenso. Akayankha kuti wolembayu angathe kukonza malipiro a mwezi uno ndi kufananitsa fizi ndi malisiti, itumizeni.