Chifukwa chake gausi ndi tesila sizisinthana ngati mainchi ndi masentimita

Wogulitsa maginito akalemba kuti mphamvu yake ndi magausi 12,000, ndipo dokotala nkunena kuti makina a MRI ounikira m'thupi ali ndi matesila 1.5, onsewo akuyeza chinthu chimodzi. Tesila imodzi ndi magausi 10,000, choncho makinawo ali ndi magausi 15,000. Apa palibe chovuta. Vuto limayamba munthu akatenga lamulo la m'buku lina nkuikamo manambala a m'buku lina, poganiza kuti zili ngati kusintha mainchi kukhala masentimita. Pa nkhani ya magetsi ndi maginito, miyezo ikasintha, kalembedwe ka malamulo nakonso kamasintha.

Njira zofala zilipo ziwiri. Ya SI, imene inakhazikitsidwa mu 1960, imayendera mita, kilogalamu, sekondi ndi ampeya. Inayo inatchedwa dzina la Carl Friedrich Gauss wa ku Germany, ndipo imayendera sentimita, galamu ndi sekondi basi. Ilibe muyezo wapadera wa magetsi, ndipo kusiyana konse kwagona pamenepo.

Titenge lamulo la Coulomb, lonena za mmene zinthu ziwiri zokhala ndi chaji zimakankhirana. Mzere woyamba ndi wa Gauss, wachiwiri wa SI:

```
F = q1·q2 / r²
F = q1·q2 / (4π·ε0·r²)
```

M'njira ya Gauss, muyezo wa chaji unasankhidwa dala kuti lamulolo lisakhale ndi nambala yowonjezera: sitatikulombu imodzi ndi chaji imene imakankha inzake yofanana nayo ndi mphamvu ya daini imodzi zikatalikirana sentimita imodzi. A SI anayamba ndi ampeya ndi kulombu, miyezo imene amisiri a magetsi anali ataizolowera kale. Kuti yankho litulukebe mu manyutoni, panafunika nambala yolumikiza, ndiyo ε0.

Tiyese ndi timipira tiwiri, kalikonse kokhala ndi maikulokulombu imodzi, totalikirana masentimita 10. Mu SI, 1/(4π·ε0) ndi pafupifupi 8.99 × 10⁹. Tikachulukitsa ndi 10⁻¹² nkugawa ndi 0.01, tipeza manyutoni 0.899. Kuti tipite kwa Gauss, chilichonse chiyenera kusinthidwa. Kulombu imodzi imalingana ndi masitatikulombu 2.998 × 10⁹, ndiye kampira kalikonse kali ndi 2,998. Tikachulukitsa 2,998 ndi 2,998 nkugawa ndi 100, tipeza madaini 89,880. Popeza nyutoni imodzi ndi madaini 100,000, tabwerera pa 0.899 pomwe paja. Wina akaika makulombu ndi mamita m'lamulo la Gauss, yankho lake limachepa pafupifupi ka 9 biliyoni. Mukaona yankho laphonya motere, dziwani kuti njira ziwirizi zasakanizidwa.

Manambala a 2.998 amenewa sanangobwera okha: ndi a liwiro la kuwala, makilomita 299,792 pa sekondi. Mu 1856, Wilhelm Weber ndi Rudolf Kohlrausch anayeza chaji imodzimodziyo m'njira ziwiri, ya kukankhana kwa machaji ndi ya maginito, ndipo atagawa anapeza nambala yoyandikana kwambiri ndi liwirolo. James Clerk Maxwell ataona zimenezi, anazindikira kuti kuwala ndi mafunde a magetsi ndi maginito. SI inabisa liwirolo mkati mwa ε0 ndi μ0, moti ε0·μ0·c² = 1, pamene njira ya Gauss imalemba c poyera m'malamulo ake.

Ine ndimaona kuti ophunzira amasokonezeka akamauzidwa kuti ε0 ndi khalidwe la malo opanda kanthu, ngati kuti danga lili ndi chinachake chimene chimaletsa magetsi. Kukula kwa nambalayi kumadalira miyezo imene tinasankha. Kwa zaka zambiri μ0 inali yochita kugwirizana kuti ndi 4π × 10⁻⁷ ndendende. Kuyambira pa 20 Meyi 2019, pamene ampeya inayamba kufotokozedwa potengera chaji ya elekitironi, μ0 ndi yochita kuyeza, ngakhale kusinthako nkochepa zedi.

Nanga 4π? Imachokera ku kukula kwa khungu la chinthu chobulungira, 4πr², chifukwa mphamvu ya chaji imodzi imamwazikira mbali zonse. Siingachotsedwe, imangosamutsidwa. Oliver Heaviside analimbikira kuti ikhale m'lamulo la Coulomb, pamene pali kubulungira kwenikweni, kuti ichoke m'malamulo a Maxwell, ndipo SI inatsata maganizo amenewo.

Ndiye chifukwa chake H imavuta kusintha kuposa B. Kwa Gauss, pamalo opanda kanthu oesitedi imodzi ya H imapereka gausi imodzi ya B. Mu SI, oesitediyo ndi maampeya 1000/(4π) pa mita, pafupifupi 79.6. Mukachulukitsa 79.6 ndi μ0 muyenera kupeza matesila 0.0001. Mukapeza nambala yokula kapena yochepa ka 12.6, ndiye kuti 4π mwaiiwala penapake kapena mwaiika kawiri.