Mlatho ukadali pakati, phindu la chaka liwerengedwa bwanji?

Kampani ikalandira ntchito yomanga mlatho wa zaka zitatu, mabuku a ndalama sadikira tsiku lodula riboni. Chaka chilichonse eni ake ndi banki imene inaikongoza ndalama amafuna kudziwa ngati yapindula. Malamulo a ntchito ya akauntanti otchedwa IFRS 15, amene analowa m'malo mwa IAS 11 mu 2018, amati pa ntchito ngati iyi, yomangidwa pamalo a mwini wake, ndalama zopeza zilembedwe malinga ndi pamene ntchito yafika. Zimene mwini mlatho walipira kale si muyeso, chifukwa akhoza kulipiriratu kapena kuchedwa.

Tiyerekeze kuti mtengo wa mlathowo ndi K900 miliyoni, ndipo kontirakitala akuganiza kuti adzagwiritsa ntchito K750 miliyoni. Chaka choyamba zapita K250 miliyoni. Ili ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a zonse zoyembekezeka, choncho amalemba kuti wapeza gawo lomwelo la mtengo, K300 miliyoni. Phindu la chakacho ndi K50 miliyoni.

Chaka chachiwiri simenti, zitsulo ndi dizilo zakwera, koma mtengo wa pangano sunasinthe. Tsopano mlatho wonse udya K1,000 miliyoni, ndipo zimene zapita kuyambira pachiyambi ndi K600 miliyoni, kutanthauza 60 peresenti. Gawo limeneli pa K900 miliyoni ndi K540 miliyoni. Tikachotsa K300 miliyoni zolembedwa kale, zopeza za chaka chino ndi K240 miliyoni, pamene zogwiritsidwa ntchito ndi K350 miliyoni. Kampani yaluza K110 miliyoni: phindu la chaka chatha lija lafufutika, ndipo pawonjezereka K60 miliyoni.

Sizithera pomwepo. Aliyense akuona kuti pofika kumapeto mlathowu udzaluzitsa K100 miliyoni, ndiye K40 miliyoni zotsalazo sazisiyira chaka chamawa. Lamulo la IAS 37 limati pangano lolemetsa chonchi, kuluza kwake kulembedwe pompano. Chaka chachiwiri chimasenza K150 miliyoni, ndipo chachitatu, zinthu zikapanda kusinthanso, sichionetsa phindu kapena kuluza. Ine ndimati n'chilungamo, chifukwa banki yofuna kukongozanso iyenera kuona dzenjelo isanapereke ndalama.

Pofooka pa njirayi ndi pa chiwerengero cha ntchito yotsala, poti n'chongoyerekeza. Bwana akakakamira kuti zonse zidzathera pa K750 miliyoni, K600 miliyoni zija zimaoneka ngati 80 peresenti, ndipo mabuku amaonetsa phindu kumene kulibe. N'chifukwa chake wofufuza mabuku amapita kumtsinje, n'kuyerekeza peresenti ya papepala ndi zimene injiniya wayeza. Amafunsanso za matumba a simenti amene akadali mosungira katundu ndi za chipilala chogumulidwa chifukwa cholakwika: zonsezi zadya ndalama, koma sizinasunthe mlatho, choncho siziwerengedwa poyeza pamene ntchito yafika.