Kodi ola lanu limodzi ndi ndalama zingati?

Ambiri amene amalandira pa mwezi amadziwa malipiro awo pamtima, koma mukawafunsa mtengo wa ola limodzi amangokanda m'mutu. Chonsecho ovataimu imawerengedwa pa ola, ndipo ndalama yodulidwa munthu akajomba imachokeranso pomwepo.

Tiyerekeze mayi wogulitsa m'sitolo ku Limbe, amene amalandira K312,000 pa mwezi. Amagwira maola 8 pa tsiku, Lolemba mpaka Loweruka, kutanthauza maola 48 pa sabata, omwenso ndi malire amene lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 linaika ku Malawi. Chaka chili ndi masabata 52, choncho maola a chaka chonse ndi 2,496. Tikawagawa m'miyezi 12, mwezi uliwonse ukupeza maola 208. Ndiye K312,000 kuigawa ndi 208, ola limodzi likukwana K1,500. Mnzawo wa muofesi wolandira chimodzimodzi, koma woweruka Lachisanu atagwira maola 40, ola lake ndi K1,800, poti maola ake pa mwezi ndi 173 ndi kanyenyeswa.

Lamulo lomwelo limati maola owonjezera pa tsiku la ntchito alipidwe mtengo wa ola ndi theka lake pamwamba, pomwe pa tsiku lopuma kapena la holide ya boma alipidwe kawiri. Mayi aja akatsalira maola 10 kuwerenga katundu sitolo itatsekedwa, ola lililonse ndi K2,250, yonse pamodzi K22,500. Akajomba maola 6 popanda chilolezo, yodulidwa ndi K9,000.

Chinyengo chimalowera pa nambala yogawira. Mabwana ena akamalipira ovataimu amagawa malipiro ndi masiku 30, ngati kuti munthu amagwira ndi Lamulungu lomwe, ndipo ola limatsika kufika pa K1,300. Ikafika nthawi yodula, omwewo amati mwezi uli ndi masabata anayi basi, maola 192, ola n'kukwera kufika pa K1,625. Ola la munthu mmodzi silingakhale ndi mitengo iwiri, wotsika polipira, wokwera podula. Kuti muwagwire, gawani ndalama yodulidwa ndi maola amene munajomba, muone ngati ikufanana ndi mtengo umene anawerengera ovataimu.

Palinso kachenjerero kena kooneka ngati chilungamo, kongochotsera maola pa maola. Akalaliki amati 10 kuchotsa 6 kwatsala 4, n'kulipira K9,000. Koma ola la ovataimu ndi lokwera mtengo kuposa lojomba. Kuwerengera payekhapayekha, K22,500 kuchotsa K9,000 ikutsala K13,500, ndiye kuti K4,500 ya mayi aja yapita osaiona.

Kudwala kokhala ndi chikalata cha kuchipatala si kujomba ayi. Wantchito amene wakwanitsa chaka ali ndi masabata anayi a tchuthi chodwala pa malipiro onse, ndi ena asanu ndi atatu pa theka.