Pangano likamaloza ndime yolakwika

Tiyerekeze kuti mwini nyumba ndi wamalonda akugwirizana za lendi ya shopu. Pangano lawo lili ndi ndime 7: yoyamba ikutanthauzira mawu, yachiwiri ikunena za kutalika kwa nthawi, yachitatu za lendi, yachinayi za dipoziti, yachisanu za kukonza zowonongeka, ya 6 za kuthetsa panganolo, ya 7 za mikangano. Kandime 4.2 kakuti wobwereka adzabwezeredwa dipoziti yake ngati wapereka notisi motsatira ndime 6.1, ndipo 6.1 ikufuna notisi ya miyezi itatu. Zonse zikugwirizana.

Kenako mwini nyumba wakumbukira za bilu ya madzi ndi magetsi. Wauza wotaipa kuti alowetse ndime yatsopano pamalo a 5. Wotaipayo wasintha mitu ndi dzanja: kukonza zowonongeka kwakhala 6, kuthetsa pangano 7, mikangano 8. Koma mawu a m'kati mwa 4.2 sanawakhudze. Akulozabe ku 6.1, imene tsopano ikunena za yemwe ayenera kupenta makoma. Tsiku lotuluka m'shopumo, wobwereka anganene kuti anapenta, choncho ndalama yake ibwere, chikhalirecho sanapereke notisi iliyonse.

Cholakwika chotere n'choopsa kuposa nambala yodumphidwa kapena yobwerezedwa. Pangano likachoka pa 8 n'kufika pa 10, diso limaona. Likaloza ndime 14.3 pamene linathera pa 12, aliyense amadabwa n'kufunsa. Koma likaloza ndime imene ilipodi, yongokhala kuti ikunena zina, anthu amawerenga, n'kuvomera, n'kusaina. Makhoti otsatira malamulo ochokera ku Mangalande, monga a kuno ku Malawi, amatha kuwongola cholakwika choonekeratu pomasulira pangano. Pa mlandu wa Chartbrook ndi Persimmon mu 2009, khoti lalikulu la ku Britain linafotokoza kuti ziyenera kuonekeratu kuti mawu analakwika, komanso kuonekeratu chimene munthu woganiza bwino akanamva kuti eniake amatanthauza. Njira ilipo ndithu, koma imadutsa kwa maloya, ndipo mtengo wake ungapose dipoziti imene mukulimbiranayo.

Kukonza kumayambira pa pepala, kompyuta ibwera pambuyo. Sindikizani panganolo, mutenge cholembera, muzunguze malo alionse pamene ndime ina ikutchula inzake, osaiwala zowonjezera za kumapeto ndi ndandanda ya zam'kati. Pambali pa malo alionse lembani nkhani imene mawuwo amafuna kuloza, osati nambala yake. Pa 4.2 paja mulemba kuti "notisi yothetsera pangano". Apa mpamene pali ntchito yeniyeni, chifukwa pulogalamu singadziwe chimene anthu awiri aja anagwirizana. Ngati simukutsimikiza, yang'anani makope akale a panganolo, muone pamene nambalayo inkaloza isanasokonekere; zikakanikabe, funsani mbali zonse ziwiri. Kulota n'koletsedwa. Mukamaliza, lembani mizere iwiri, nambala zakale uku, zatsopano uku: 5 yakhala 6, 6 yakhala 7, 7 yakhala 8.

Tsopano sankhani dongosolo limodzi. Lofala m'mapangano ndi ili: ndime ndi 1, kandime ndi 1.1, pansi pake (a), pansi pa apo (i). Masitepe anayi amakwanira. Pangano lofuna asanu ndi limodzi nthawi zambiri vuto lake silikhala nambala, koma kuti wolemba wapanikiza nkhani zingapo m'ndime imodzi. Katchulidwe nakonso kakhale kamodzi: ngati mwayamba ndi "ndime 7.1", musasinthire ku "gawo 7.1" pa tsamba lotsatira, chifukwa wowerenga angaganize kuti ndi zinthu ziwiri. Zowonjezera za kumapeto ziyambe nambala zakezake, ndipo pozitchula muzinena dzina la chowonjezeracho.

Mu Microsoft Word, chisokonezo chimayamba kawirikawiri chifukwa nambala zina n'zotaipa ndi dzanja pamene zina n'zodzilemba zokha, makamaka ngati ndime zinakopedwa kuchokera m'mapangano osiyanasiyana. Kuzisiyanitsa n'kosavuta. Dinani pa nambalayo: yodzilemba yokha imadetsedwa pamodzi ndi zinzake, pamene yotaipa imalola kuti mufufute kachidutswa kake monga chilembo china chilichonse. Zotaipazo zichotseni zonse. Kenako pitani pa Multilevel List, musankhe Define New Multilevel List, mudine More, ndipo pa Link level to style mumangirize sitepe yoyamba ku Heading 1, yachiwiri ku Heading 2, motero mpaka yachinayi. Onetsetsani kuti sitepe yachiwiri ikutenga nambala ya yoyamba kudzera pa Include level number from, apo ayi mupeza timandime ta m'ndime 7 tikuyambabe ndi 1.1. Mukatero, dutsani ndime iliyonse n'kuipatsa sitayelo yoyenera. Ntchitoyi ndi yotopetsa, koma imachitika kamodzi. Anthu ambiri amaithawa n'kumadina Restart at 1 paliponse pamene pavuta, zimene zimangodula mndandanda umodzi kukhala tizidutswa tosadziwana.

Zolozera zimabwera pomaliza, nambala zitakhazikika. Pa 4.2 fufutani "6.1" wotaipa uja, mutsegule Cross-reference, pa Reference type musankhe Numbered item, kenako Paragraph number (full context), ndipo pa mndandanda mudine kandime ka notisi, kamene pepala lanu likusonyeza kuti ndi 7.1. Kusankha full context kuli ndi phindu lake: poloza kandime kakang'ono, pamalembedwa 7.1(a) yense, osati (a) yekha, amene angapezeke m'ndime khumi. Word imaika kachizindikiro kobisika pa ndimeyo, choncho ikasunthanso, cholozera chimaitsata.

Koma sichisintha nthawi yomweyo. Muyenera kudina Ctrl+A kenako F9. Mukatero, fufuzani mawu akuti Error! Reference source not found. Akapezeka, ndiye kuti ndime imene inkalozedwa inafufutidwa, ndipo muyenera kufunsa ngati chiganizo cholozacho chikadali ndi tanthauzo. Palinso msampha wina wosapereka chenjezo. Mukaika kasa kumayambiriro kwenikweni kwa ndime yolozedwa n'kudina Enter kuti mulembe ndime yatsopano pamwamba pake, kachizindikiro kobisika kaja kangathe kutambasuka n'kukwirira zonse ziwiri, ndiye cholozera n'kuyamba kusonyeza nambala ya ndime yatsopanoyo. Ndime yatsopano muziyambira kumapeto kwa ndime ya pamwamba. N'chifukwa chakenso pepala lija silitayidwa msanga: tsatirani cholozera chilichonse, muwerenge pamene chafikira, muyerekeze ndi nkhani imene munalemba pambali.

Zonsezi ndi za pangano limene silinasainidwe, ndipo ngakhale pamenepo mnzanu wa mbali inayo ayenera kuuzidwa kuti nambala zasintha ndi kupatsidwa mizere iwiri ija. Losainidwa kale silipatsidwa nambala zatsopano, chifukwa makalata, malisiti ndi manotisi amene atumizidwa akutchula nambala zakale. Maloya amalemba chikalata chachifupi chosintha panganolo, chimene onse awiri amasaina, chonena mwachitsanzo kuti mu kandime 4.2 mawu akuti "ndime 6.1" awerengedwe "ndime 7.1". Ndime ikachotsedwa, nambala yake imatsala pamalo pake ndi mawu akuti yachotsedwa. Ndipo ngati mwini nyumba uja akanakumbukira za madzi ndi magetsi atasaina kale, ndime yakeyo ikanalowa ngati 4A, pakati pa 4 ndi 5, popanda kukankha ina iliyonse.