Chithunzi cha pasipoti sachikongoletsa

Masiku ano mukajambulitsa ku situdiyo, wojambula salola kuti mutuluke ndi ziphuphu. Amasalaza khungu pa kompyuta, kuliyeretsako pang'ono, mwinanso kuchepetsa masaya. Pa chithunzi chopachika pabalaza palibe vuto. Koma chikakhala cha pasipoti, viza kapena chiphaso cha unzika, chifundo chimenechi n'chimene chimakanitsa mafomu.

Chithunzi cha pasipoti ndi muyeso wa nkhope. Malamulo ake amachokera ku ICAO, bungwe loona za maulendo a pandege lomwe likulu lake lili ku Montreal, m'buku lotchedwa Doc 9303. M'mapasipoti amakono, chithunzicho chimasungidwanso m'kachipangizo kobisika m'chikuto kapena m'tsamba lolembapo dzina lanu. Mukafika pachipata cha makina pabwalo la ndege, kamera imakujambulani n'kufananitsa nkhope yanu ndi yosungidwayo: mmene maso atalikiranira, mphuno, chibwano, mafupa a masaya. Ngati wojambula anasongola chibwano n'kukulitsa maso, makina amakayika, chipata osatseguka. Naye wa zolowa ndi kutuluka amadalira zomwe inu mumadana nazozo. Chipsera cha pamphumi, mphini kapena kadontho kakuda kapatsaya ndizo zimakusiyanitsani ndi mchemwali wanu amene mumafanana naye.

Palinso nkhani ya chinyengo. Mu 2014 akatswiri a pa yunivesite ya Bologna ku Italy anasonyeza kuti nkhope za anthu awiri zikhoza kusakanizidwa pa kompyuta n'kutuluka chithunzi chimodzi chimene makina amachivomera kwa onse awiri. Munthu wopanda mlandu amatenga nacho pasipoti yeniyeni, mnzake wosakidwa n'kumayendera. Pofuna kutseka mpata umenewu, dziko la Germany linalamula kuti kuyambira pa 1 Meyi 2025 zithunzi za pasipoti zizijambulidwa ku ofesi komweko, kapena wojambula azizitumiza yekha pa makina otetezedwa, osati munthu kubwera ndi chapapepala. Kuno ku Malawi, pa kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017, anthu ankajambulidwa pamalo olembetsera pomwepo. Ofesi ikaona khungu losalala modabwitsa ilibe nthawi yofufuza ngati munangofuna kutchena kapena mukubisa kanthu. Imangobweza.

Nanga chololedwa n'chiyani? Malire ake ndi akuti mungakonze kukula ndi kakhalidwe ka chithunzi, koma nkhope osaikhudza. Kudula m'mbali, kuwongola chithunzi chimene kamera inapendeka, ndi kuchichepetsa kuti chifike pa muyeso, zonsezi zilibe mlandu. Mayiko ambiri amafuna mamilimita 35 m'lifupi ndi 45 m'litali. Ku Britain mutu, kuchokera kuchibwano kufika paliwombo, uzikhala wa mamilimita 29 mpaka 34, pomwe America imafuna chithunzi cha mamilimita 51 mbali zonse.

Pakuchepetsa pomwepa ndi pamene ambiri amalakwitsa osadziwa. Tinene kuti muli ndi chithunzi chofanana mbali zonse chimene munajambulitsira viza ya ku America, tsopano mukufuna cha 35 ndi 45. Wojambula waphuma amangochipana m'mbali kuti chilowe. Zikatero m'lifupi mumatsala magawo 78 pa 100 alionse, nkhope n'kuwonda ngati ya munthu wodwala, maso n'kuyandikana. Chimene chimafunika ndi kuchepetsa mbali zonse mofanana kenako kudula zotsala kumanja ndi kumanzere. Kuti mudziwe ngati anachipana, kulitsani chithunzicho muone diso: kabwalo kakuda kaja kakhale kozungulira, osati kosongoka ngati dzira.

Za kuwala ndi zofuna kusamala. Pali maofesi amene sadandaula chithunzi chonse chikawalitsidwa pang'ono kuti khungu lioneke mmene lilili, koma ena, monga a ku America ndi ku Britain, safuna chithunzi chosinthidwa pa kompyuta. Vutoli limagwera kwambiri ife akhungu lakuda: kamera ikaona khoma loyera kumbuyo imachepetsa kuwala, nkhope n'kuda bii. Mankhwala ake ndi kuwonjezera nyale kutsogolo n'kujambulanso. Maso ofiira chifukwa cha fulashi, mthunzi wapakhoma, kunyezimira kwa magalasi, zonsezi n'zojambulanso basi. Kufufuta khoma pa kompyuta kumadya tsitsi ndi nsonga za makutu, ndipo woyang'ana amazindikira msanga. Za magalasi, America inawaletseratu mu Novembala 2016.

Mpango wachipembedzo, monga hijabu, umaloledwa, bola nkhope ioneke kuyambira pamphumi kufika kuchibwano. Amene mukudzijambula ndi foni, dziwani kuti mafoni ambiri amasalaza nkhope okha ngakhale simunawatume, makamaka kamera yakutsogolo. Lowani m'makonzedwe a kamera muzimitse zokongoletsazo, mupatse munthu wina foniyo, aime chapatali pang'ono, akujambuleni ndi kamera yakumbuyo.